Mtima ukayamba kuthamanga ndi nkhawa: kapumidwe koutsitsa, ndi mmene mungadziwire ngati vuto si nkhawa

Anthu ambiri akaona munthu mtima ukumuthamanga, akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, amamuuza kuti "kokani mpweya wambiri, pumani kwambiri". Amanena ndi mtima wabwino koma nthawi zambiri malangizo amenewa ndi omwe amaonjezera vuto. Chomwe chimatsitsa mtima si kukoka mpweya wambiri ayi, ndi kuutulutsa pang'onopang'ono, nthawi yotulutsa italikirepo kuposa nthawi yokoka. Nkhani yonse yagona pamenepo, zinazo ndikufotokozerani kuti muzichita mukudziwa chomwe mukuchita, komanso kuti muzitha kusiyanitsa mtima wothamanga ndi mantha ndi mtima wothamanga ndi matenda, poti kuno kuchigwa cha Shire zothamangitsa mtima nzambiri, malungo, kutentha, kuchepa magazi, ndiye si zonse zomwe tingaziponyere ku nkhawa.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika mthupimo. Munthu wamkulu akakhala phee osagwira ntchito mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi, ndipo amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Ubongo ukangoona ngati pali choopsa, kaya ndi ng'ona yeniyeni padooko kaya ndi meseji ya mwini katapila yoti mawa ndikubwera, thupi silisiyanitsa, tizigawo tina tomwe tili pamwamba pa impso timathira mmagazi mankhwala otchedwa adirenalini. Adirenaliniyo amauza mtima kuti ugunde mwachangu komanso mwamphamvu, mpweya umayamba kubanika, mkamwa mumauma gwa, manja amazizira, mmimba mumachita ngati mukufuna kupita kuchimbudzi. Zonsezi ndi thupi kukonzekera kuthawa. Vuto ndi loti pa nkhani ya ngongole kapena maganizo a usiku palibe kothawira, wangogona pamphasa, ndiye mphamvu yonse ija umangoimva pachifuwa.

Kenako pamabwera chinthu chachiwiri chomwe anthu sachidziwa. Ukamapuma mothamanga umataya mpweya woipa uja, kaboni dayokisaidi, wochuluka kuposa mmene thupi likuupangira. Timautcha woipa koma thupi limafuna utsaleko mlingo wake mmagazi, ukachepa kwambiri mitsempha ya magazi yopita ku ubongo imafinyika pang'ono, nde umamva chizungulire, milomo ndi zala zimachita dzanzi ngati mukuyenda nyerere, pena zala zimapindika kuuma. Munthu akaona zimenezo amati basi ndi sitiroko iyi, ndikufa, mantha aja nkuonjezekera, adirenalini winanso, mtima nkukweranso. Apa ndi pomwe kumuuza munthu kuti akoke mpweya wambiri kumalakwika, chifukwa okosijeni ali naye kale wokwanira, chomwe chikumusowa ndi mpweya womwe akutayawo.

Nanga kupuma kumafika bwanji ku mtima? Pali mtsempha wina wautali wochokera ku ubongo kutsika pakhosi mpaka ku mtima ndi mmimba, amautcha vegasi. Ntchito yake pa mtima ili ngati buleki ya njinga potsika ku Thabwa, mukamakoka mpweya bulekiyo imamasuka pang'ono mtima nkufulumira, mukamatulutsa imagwira mtima nkuchedwa. Mutha kuzimva nokha zimenezi mutagwira mtsempha wa pamkono muli phee, makamaka achinyamata zimamveka bwino. Ndiye mukatalikitsa nthawi yotulutsa mpweya ndikuchepetsa kapumidwe kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi, mukupatsa mtsempha uja mpata wogwira ntchito, komanso mpweya munataya uja ukubwerera pa mlingo wake.

Choyamba, phunzirani kuwerenga mtima wanu lero lomwe muli bwinobwino, osadikira tsiku lovuta. Khalani pansi mphindi zisanu, makamaka mmawa dzuwa lisanakwere komanso musanamwe tiyi. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pamkono pomwe timavala wotchi, mbali ya chala chachikulu. Osagwiritsa chala chachikulu powerenga chifukwa nacho chili ndi kugunda kwake chikusokonezani. Musakanikize kwambiri, mungokhudza mpaka mumve ti ti ti. Tsegulani wotchi ya pafoni, olo kafoni ka mabatani kali nayo, werengani masekondi 30 kenako chulukitsani kawiri. Mukapeza 38 ndiye kuti mtima wanu ndi 76. Chitani masiku angapo kuti mudziwe nambala yanu, chifukwa 96 kwa munthu yemwe amakhala pa 90 si nkhani, koma kwa wa kabaza yemwe amakhala pa 60 ndi kukwera kwenikweni. Mumvetserenso ngati kugundako kukuyenda mofanana kapena kukudumphadumpha, izi tizifuna kutsogoloku.

Tsopano tsiku lafika, mtima wayamba. Khalani pansi, tsamirani khoma kapena mtengo, pamthunzi, ngati muli mnyumba ya malata masana tulukani mukhale pakhonde podutsa mphepo. Masulani chitenje kapena lamba ngati wathina pamimba. Mapewa agwe, nsagwada zimasuke, anthu ambiri amaluma mano osadziwa. Dzanja limodzi pachifuwa lina pamimba pamwamba pa mchombo.

Musayambe ndi kukoka mpweya, yambani ndi kutulutsa. Munthu wa mantha chifuwa chimakhala chodzadza kale, akungokoka pamwamba pa mpweya wina, nchifukwa chake amamva ngati mpweya sukulowa. Sonkhanitsani milomo kusiya kampata kakang'ono, tulutsani mpweya pang'onopang'ono mpaka muone kuti watha wokha, osachita kudzifinya. Kenako tsekani pakamwa, mpweya ulowe ndi mphuno mwakachetechete, uku mukuwerenga mumtima wani, thuu, fili, folo. Dzanja la pamimba ndi lomwe likwere, la pachifuwa lingosuntha pang'ono. Kenako tulutsani ndi milomo ija mukuwerenga mpaka sikisi. Folo kulowa, sikisi kutuluka, ndi masekondi 10, kutanthauza kuti mukupuma ka 6 pa mphindi.

Apa ndikhalitsepo pang'ono poti ndi pomwe anthu amagwa ulesi. Munthu yemwe akupuma ka 28 pa mphindi sangatsike kamodzinkamodzi kufika pa 6, akayesa amamva kubanika nkunena kuti njirayi ndi yabodza. Yambirani pomwe thupi likulola. Ngati folo ndi sikisi zikukanika chitani thuu kulowa, fili kutuluka, mukachita kangapo mupite pa fili ndi folo kapena fili ndi faifi, kenako folo ndi sikisi. Lamulo ndi limodzi basi, kutuluka kutalikirepo kuposa kulowa. Ndipo mpweya wokoka ukhale wamba, osati wodzadza chifuwa mpaka mapewa kukwera. Munthu wokhala pambali panu asamve kuti mukupuma. Mukaona chizungulire kapena dzanzi likuonjezeka pomwe mukuchita zimenezi, dziwani kuti mukukoka wambiri, chepetsani kukula kwa mpweya osati kuthamangitsa.

Pali kumva kwina kovuta komwe kumabwera mphindi yoyamba kapena yachiwiri, kumva ngati mpweya sukukwana, kufuna kuyasamula kapena kuusa moyo kwambiri. Kumeneko ndi mpweya woipa uja ukubwerera mmagazi, thupi linazolowera mlingo wotsika ndiye likudandaula. Mukausa kamodzi palibe chalakwika, ingobwererani pa kuwerenga. Ena amaphunzitsa zogwira mpweya masekondi angapo pakati, ine kwa munthu yemwe ali pakati pa mantha sindizikonda, kugwira mpweya kumamukumbutsa kubanika komwe akuopa, zimenezo muzichita masiku omwe muli bwino ngati zikukusangalatsani.

Pitirizani mphindi zisanu osagwira mkono. Ndikubwereza, osagwira mkono. Kuwerenga mtima mphindi iliyonse ndi njira yachangu youkwezera, chifukwa ukapeza 118 umati ii sukutsika, mantha nkuyambiranso. Werengani kamodzi poyamba ngati mungathe, kenako pakatha mphindi zisanu, kenako pakatha zina zisanu. Adirenalini yemwe walowa kale mmagazi sangatuluke ndi mpweya utatu, amafuna nthawi. Mantha adzidzidzi otere nthawi zambiri amafika pachimake mkati mwa mphindi 10 ndipo ambiri amakhala atatsika pofika mphindi 20 kapena 30, kupumaku sikuwadula ngati mpeni koma kumaletsa kuti musamathire nkhuni zina, ndipo kumafupikitsa nthawi yotsika.

Ngati pali madzi ozizira a mumtsuko, nyowetsani kansalu muike pankhope, pachipumi ndi mmasaya, masekondi 20 kapena 30. Kuzizira pankhope kumadzutsanso mtsempha wa vegasi uja. Koma zopumira mu jumbo kapena mu pepala zija zisiyeni, ngati munthuyo vuto lake ndi mphumu, chibayo kapena mtima weniweni, jumboyo imamumana okosijeni yemwe akumufuna. Komanso osatikita kapena kukanikiza mitsempha ya pakhosi, zimenezo amachita achipatala okha.

Tiyerekeze ndi munthu mmodzi kuti zimveke. Mayi wa zaka 34, amagulitsa nsomba zouma pamsika ku Bangula, madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anawapeza usiku ali mnyumba, anapulumuka koma kuchokera pamenepo mvula ikangoyamba kugunda malata usiku amadzidzimuka mtima uli phaphapha. Masiku abwino mtima wawo umakhala pa 76. Usiku wina mu Januwale mvula yayamba cha mma 11, adzuka, pachifuwa pathina, milomo yachita dzanzi. Akhala tsonga kutsamira khoma, ayatsa tochi ya pafoni, awerenga masekondi 30 apeza 62, ndiye kuti 124, koma kugundako kukuyenda mofanana osadumpha. Thupi silikutentha, masana anadya bwino, madzi anamwa, sakutaya magazi.

Ayamba ndi kutulutsa mpweya. Folo ndi sikisi zakanika, pofika pa fili akufuna kale kukoka, ndiye atsikira pa thuu ndi fili. Pakatha mphindi ngati ziwiri akwanitsa fili ndi faifi, dzanzi la milomo layamba kuchepa, chimenechi ndi chizindikiro choyamba choti zikuyenda ndipo chimabwera mtima usanatsike. Mphindi zisanu zakwana, awerenga apeza 53, ndiye 106. Akadali pamwamba koma njira yake ndi yotsika. Pano folo ndi sikisi zikutheka. Mphezi yawomba, mtima wadumphanso, abwerera pa fili ndi faifi kwa kanthawi. Pa mphindi 10 apeza 46, ndiye 92. Pofika mphindi 20 ali cha mma 80, atopa ngati alima tsiku lonse, miyendo ikunjenjemera pang'ono, akufuna kukodza, zonsezo ndi zabwinobwino pambuyo pa mantha.

Onani mmene manambala ayendera, 124, 106, 92, kenako mma 80. Kutsika pang'onopang'ono chonchi, kukweranso pang'ono ukaganiza choopsa, kutsikanso ukadekha, ndi khalidwe la mtima wothamanga ndi nkhawa. Tsopano tisinthe nkhani yomweyo pang'ono. Mayi omwewo apuma bwinobwino mphindi 15, maganizo adekha, sakuopanso kanthu, koma mtima uli pa 118 osasuntha. Apa funso lisakhalenso la kapumidwe, pali china chomwe chikuuthamangitsa.

Kuno kwathu woyamba kumuganizira ndi malungo. Thupi likatentha mtima umakwera pafupifupi ka 10 pa digiri iliyonse yoonjezera, ndipo malungo pena amayamba ndi kuphwanya mthupi ndi kusakhazikika komwe munthu angati ndi maganizo. Ngati pali kutentha thupi, mutu, kuzizidwa, pitani mukayezetse magazi tsiku lomwelo, kupuma sikupha tizilombo. Wachiwiri ndi kutha madzi mthupi. Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, ku Nchalo, ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40, munthu wakhala mmunda wa nzimbe kapena wa thonje kapena wapalasa kabaza tsiku lonse, mkodzo wachepa uli wachikasu kwambiri, akaimirira maso amachita mdima mtima nkuthamanga. Ameneyo akufunika mthunzi ndi madzi, ndipo ngati watsegula mmimba kapena wasanza akufunika Thanzi. Ngati wayamba kusokonezeka mutu kapena kulankhula zosamveka ndi kutenthako, mthireni madzi thupi lonse, mkupizeni, thamangani naye kuchipatala.

Wachitatu ndi kuchepa magazi, ndipo uyu amabisala kwambiri mwa azimayi, oyembekezera, omwe angochira kumene, omwe amataya magazi ambiri kumwezi, komanso aliyense yemwe wadwala malungo mobwerezabwereza kapena ali ndi likodzo kapena njoka za mmimba. Mtima umathamanga masiku onse osati nthawi ya mantha yokha, kuyenda pang'ono kuchokera kumjigo wefuwefu, mkati mwa zikope ndi zikhatho muli mbuu. Kuyeza magazi kuchipatala sikutenga nthawi. Kukhala woyembekezera pakokha kumakweza mtima ndi 10 mpaka 20, koma mayi woyembekezera yemwe mtima ukuthamanga pamodzi ndi kubanika, kutupa nkhope, mutu waukulu kapena kutaya magazi asakhale pakhomo kumawerenga folo ndi sikisi. Palinso zomwe timadzithira tokha, tiyi wokhathamira makapu angapo, khofi, zakumwa zopatsa mphamvu zija madalaivala ndi anyamata a njinga zamoto amakonda, fodya, chamba, matsire a kachasu mmawa, ndi mankhwala a mphumu opopera mkamwa aja a salubutamo. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira nachonso chimathamangitsa mtima, munthu amaonda akudya bwino, manja kunjenjemera, pena pakhosi kutupa.

Ndiye pali mtundu wina womwe anthu amausokoneza kwambiri ndi mantha. Munthu ali phee akusenda chimanga osaganiza kanthu, mwadzidzidzi mtima wayamba ngati wina wayatsa switchi, uli pa 160, 180 kapena kuposa, wothamanga moti kuwerenga kukuvuta, ukhala choncho osasintha kaya upume bwanji, kenako nkusiya kamodzinkamodzi. Mantha amabwera pambuyo chifukwa cha mtimawo, osati mtima chifukwa cha mantha. Limeneli ndi vuto la kayendedwe ka magetsi a mumtima, limafuna kujambulidwa ndi makina oona kagundidwe ka mtima otchedwa ECG, ndipo pena amatumiza ku Kwinzi ku Blantyre. Chimodzimodzi ngati kugunda kuli kosalongosoka nthawi yaitali, kwina kwamphamvu kwina kofooka kopanda ndondomeko. Kudumpha kamodzi apo ndi apo kumachitika kwa anthu ambiri abwinobwino makamaka akatopa, koma kusalongosoka kosalekeza nkofunika kuonedwa.

Pali zizindikiro zomwe mukaziona musayambe nkomwe zoyesa kupuma kaye. Kupweteka pachifuwa kolemera ngati wina wakukhalirani, kofalikira kudzanja, kunsagwada kapena kumsana, makamaka kwa munthu wa zaka zopitirira 40 kapena wa bipi kapena shuga. Kukomoka. Milomo kuda kapena kuchita buluu. Mbali imodzi ya thupi kufooka, pakamwa kupotoka, mawu kusamveka. Kubanika koti munthu sangamalize chiganizo, kapena kulira kwa mphumu pachifuwa. Mtima woposa 150 munthu atakhala pansi ndipo sukutsika. Apa pezani njinga yamoto kapena galimoto, chipatala chapafupi kaya ndi Chikwawa, Nsanje, Ngabu kaya chaching'ono cha kwanuko. Ndipo ngati ndi koyamba mmoyo wanu kumva zoterezi, kapimitseni ndithu olo zitatha zokha, dzina loti ndi nkhawa libwere achipatala atayeza bipi, magazi ndi malungo, osati lochokera kwa aneba.

Za kuyeserera. Njirayi imagwira bwino kwa yemwe anaizolowera ali bwino, poti pakati pa mantha mutu sugwira zachilendo. Mphindi zisanu mmawa musanadzuke pamphasa, zisanu madzulo mukatha kusamba, tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Mukagona chagada ndi posavuta kumva mimba ikukwera. Masiku oyamba muziwerenga mtima musanayambe ndi mukamaliza, kutsika kwake pa munthu wodekha kale kumakhala kochepa ndiye musakhumudwe mukapeza 78 kenako 74, chomwe mukuphunzitsa ndi thupi kuti lizipeza folo ndi sikisi lokha. Kenako muziigwiritsa ntchito msanga, pomwe mwangomva kuti kwayamba kuthina, mitambo ikuda cha kumapiri a Thyolo kapena tsiku la banki mkhonde layandikira ndalama mulibe, osadikira mtima ufike pa 120.

Mukakhala inu wothandiza mnzanu, chotsani gulu kaye, anthu khumi omuzungulira wina akulira wina akukuwa kuti wagwidwa ndi mizimu amangokweza mtima wake. Khalani pambali pake osati kutsogolo komuphimba mphepo, lankhulani motsitsa, "mayi, ndili pompano, tulutsani mpweya limodzi ndi ine", kenako muzipuma inuyo mooneka, dzanja lanu likukwera pokoka likutsika pang'onopang'ono potulutsa, iye azingotsatira dzanjalo. Mawu oti "limbani mtima" kapena "palibe chomwe chikukuvutani" sathandiza, iye akumva mtima ukugunda zenizeni. Wotchi gwirani ndinu, nambala muzimuuza pokhapokha ikutsika.

Kupuma kumatsitsa mtima wa usiku umenewo koma sikuchotsa chomwe chikuudzutsa. Mayi a ku Bangula aja ngati mvula iliyonse ikuwadzutsa, akulota madzi, asiya kupita kumsika kuopa kuti ziwagwira pagulu, ndipo zatha mwezi zikuchitika, akufunika kukaonana ndi achipatala, mzipatala za maboma mumakhala anamwino kapena madokotala oona za maganizo, ndipo alangizi a zaumoyo a mmudzi atha kukulozerani tsiku lomwe amaona anthu. Thandizo la kukambirana lilipo, mankhwala aliponso kwa omwe akufunika, koma mapiritsi ogonetsa ogula pamsika kapena opatsidwa ndi mnzanu asiyeni, amazolowereka msanga ndipo ukawasiya mtima umathamanga kuposa kale. Ngati maganizo afika poganiza zodzipha, uzani munthu yemwe mumamukhulupirira lero lomwe ndipo mupite naye kuchipatala. Popita kumeneko tengani kapepala komwe mwalemba tsiku, nthawi yomwe zinayamba, zomwe mumachita, nambala ya mtima poyamba ndi pakatha mphindi 10 mukupuma, komanso ngati unayamba pang'onopang'ono kapena kamodzinkamodzi, chifukwa pofika pamzere mtima umakhala utabwerera kale pa 76 ndipo dokotala alibe china choonera kupatula zomwe mwalembazo.